Kupalasa Mofatsa ndi Mita Yamphamvu: Mafunso pa Kumanga Maziko a Wopalasa Njinga

Aphunzitsi a mpikisano wa njinga akamati "yambani mwamanga maziko", chimene chikumangidwa m'thupi n'chiyani?

Minofu yamiyendo imapeza mphamvu m'njira ziwiri zimene zimagwira ntchito nthawi imodzi. Ina imawotcha mafuta ndi shuga pogwiritsa ntchito okosijeni, ndipo imatha kugwira ntchito kwa maola ambiri. Inayo imaphwanya shuga mwachangu, imapereka mphamvu yambiri nthawi yomweyo, koma sichedwa kumutopetsa munthu. Maziko amene akunenedwawa ndi kukula kwa njira yoyamba ija, kuti ntchito imene kale inkakuchititsani wefuwefu muziigwira mukupuma bwinobwino.

Zimene zimasintha n'zenizeni ndipo zimaoneka akatswiri akapima minofu. M'maselo a minofu muli tizigawo totchedwa mitokondiriya, momwe mafuta ndi shuga zimawotchedwa. Mu 1967, John Holloszy wa ku yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis ku America anaonetsa kuti makoswe amene ankathamangitsidwa nthawi yaitali kwa masabata angapo anali ndi mphamvu yowotchera chakudya m'mitokondiriya pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo ongokhala. Mwa anthu zimachitikanso: mitokondiriya imachuluka, timitsempha tating'onoting'ono tozungulira minofu timawonjezeka, madzi a m'magazi amachuluka, ndipo mtima umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Zina mwa izi, monga madzi a m'magazi, zimasintha m'masiku ochepa. Timitsempha ndi mtima zimafuna miyezi, ngakhale zaka.

Kupalasa mwamphamvu nakonso kumabweretsa zambiri mwa zosinthazi, tisanamizane. Vuto lake n'lakuti thupi silingakupirire tsiku lililonse. Ulendo wofatsa wa maola atatu mungaubwereze mkuja, pamene maola atatu othamanga mpaka kumva kukoma kwa magazi kukhosi amakulipiritsani masiku awiri kapena atatu opuma. N'chifukwa chake Stephen Seiler, wofufuza wa ku America amene amagwira ntchito ku Norway, atapenda mmene akatswiri a masewera opirira amakonzekerera, anapeza kuti pa maulendo khumi aliwonse, pafupifupi asanu ndi atatu amakhala ofatsa.

Nanga mita yamphamvu imayeza chiyani chimene liwiro ndi kugunda kwa mtima sizingandiuze?

Mitayi imakhala m'mapedulo, pa mkono wa pedulo, pakati pomwe pamangidwa giya yakutsogolo, kapena pa habu ya gudumu lakumbuyo. Mkati mwake muli timawaya tomva kupindika kwa chitsulo, kupindika kochepetsetsa kumene diso silingakuone. Imatenga mphamvu imene mwapondera, n'kuichulukitsa ndi liwiro limene mapedulo akuzungulira, ndipo yankho lake limatuluka m'mawati pa kakompyuta ka pa chiwongolero. Mmisiri wa ku Germany Ulrich Schoberer ndiye anayamba kupanga mita zoterezi cha mu 1986, pansi pa dzina lakuti SRM, ndipo Greg LeMond anali mmodzi mwa akatswiri oyambirira kuzigwiritsa ntchito.

Liwiro limanama chifukwa mphepo, chitunda ndi msewu wokumbika zimalisintha inu musanasinthe kalikonse. Makilomita 28 pa ola mphepo ikukukankhani kumsana si ntchito yofanana ndi makilomita 28 pa ola ikukuwombani kumaso. Mtima sunama, koma umachedwa. Mukayamba kuponda mwamphamvu pa kachitunda, umatenga mphindi imodzi kapena kuposerapo kuti ufike pamene uyenera kufika, ndiye kachitunda ka masekondi 40 mumakamaliza mutapitirira muyeso koma mtima usananene kanthu. Mita imaonetsa nthawi yomweyo.

Pa maulendo omanga maziko, ntchito yaikulu ya mita ndi kukuletsani. Ambiri amaigula poganiza kuti iziwakankha kuti aziponda kwambiri, koma pa maulendo awa imakhala denga: nambala imene simuyenera kuidutsa ngakhale miyendo ikumva kukoma.

Denga langa ndingalidziwe bwanji?

Njira yofala kwambiri ndi ya Andrew Coggan ndi Hunter Allen, imene anaifotokoza m'buku lawo la mu 2006 lakuti *Training and Racing with a Power Meter*. Imayambira pa nambala imene pa kakompyuta imalembedwa kuti FTP, kutanthauza mawati ochuluka kwambiri amene mungawagwire mosasinthasintha kwa nthawi yoyandikira ola limodzi. Popeza ndi anthu ochepa amene angalolere kudzizunza ola lathunthu, ambiri amayeza kwa mphindi 20. Mumatenthetsa thupi bwino, kuphatikizapo mphindi 5 zoponda ndi mphamvu zonse, mumapalasa pang'onopang'ono kwa mphindi 10, kenako mumaponda mphindi 20 mmene mungathere pa msewu wopanda mphambano kapena chitunda chachitali chosatsetsereka. Pa avereji ya mphindi 20 zimenezo mumachotsapo 5 peresenti.

Tiyerekeze wopalasa wolemera makilogalamu 70 amene wapeza avereji ya mawati 253. Gawo la maulendo ofatsa, limene ambiri amangoliti zoni 2, kwa Coggan limayambira pa 56 peresenti ya FTP kukalekeza pa 75 peresenti.

```
FTP = 253 x 0.95 = 240 W
240 x 0.56 = 134 W
240 x 0.75 = 180 W
```

Ndiye zoni 2 yake ndi mawati 134 mpaka 180. Koma apa m'pamene ambiri amasokera. Amaona 180 n'kuiyesa nambala yoti aziifikira tsiku lililonse. Wopalasa wathuyu ndingamuuze kuti azikhala pakati pa 150 ndi 165, ndipo 180 aziiona ngati denga la pa zitunda basi.

Chifukwa chake n'chakuti mayeso a mphindi 20 kawirikawiri amakweza FTP ya munthu amene maziko ake ndi ofooka. Munthu wa miyendo yamphamvu koma wosazolowera mtunda wautali amatha kuponda mphindi 20 mothandizidwa kwambiri ndi njira yachangu ija, ndipo 95 peresenti imamupatsa nambala imene sangaigwire ngakhale mphindi 40. Ngati FTP yake yeniyeni ndi 225, ndiye kuti mawati 180 ndi 80 peresenti, ndipo watuluka kale m'gawo lofatsa iye akuyesa ali momwemo. Mphindi 5 zoponda ndi mphamvu zonse zija zinaikidwa dala kuti zichepetse vuto limeneli, choncho musazilumphe.

Ofufuza samayeza malirewa ndi peresenti. Amabaya chala kapena khutu n'kuona pamene lakiteti wa m'magazi wayamba kukwera, kawirikawiri asanafike mamilimolo 2 pa lita. Umu ndi mmene amayezera Iñigo San Millán, amene ankaphunzitsa Tadej Pogačar ndipo anatchukitsa kwambiri nkhani ya zoni 2. Malire amenewa amasiyana munthu ndi munthu: kwa katswiri amatha kupitirira 75 peresenti ya FTP, kwa woyamba kumene amakhala pansi ndithu. Kwa inu amene mulibe choyezera magazi, pakamwa ndiye pokuthandizani. Mutapalasa mphindi 20 pa mawati amene mwasankha, lankhulani mokweza ziganizo ziwiri kapena zitatu zazitali. Ngati mukuzidula pakati kuti mukoke mpweya, tsitsani mawati 10 muyesenso, kaya tchati chikunena zotani.

Nambala ya pa kakompyuta imangodumphadumpha, 140, 190, 120. Ndiigwira bwanji kuti ikhale malo amodzi?

Musaigwire. Palibe munthu amene amaponda mofanana ulendo uliwonse pedulo ikazungulira, ndipo msewu nawo susalala. Sinthani chimene kakompyuta kakuonetsa: m'malo mwa `Power` sankhani `10s Power`, avereji ya masekondi 10, ndipo pambali pake ikani `Lap Power`, kugunda kwa mtima ndi kuzungulira kwa mapedulo pa mphindi. Liwiro lichotseni pa tsamba limenelo. Limangokupatsani manyazi opanda pake.

Mukafika kunyumba, yang'anani nambala ziwiri. Ina ndi avereji wamba ya ulendo wonse. Inayo imalembedwa kuti NP, ndipo ndi avereji imene imawerengera molemera nthawi zonse zimene munaponda mwamphamvu, chifukwa mphindi imodzi pa mawati 350 imatopetsa thupi kuposa mmene avereji wamba imaonetsera. Mukagawa NP ndi avereji wamba mumapeza VI, imene imakuuzani ngati ulendo unali wosalala. Pa ulendo womanga maziko iyenera kukhala cha pa 1.05 kapena kutsika.

Taonani mmene avereji imapusitsira. Wopalasa wathu wapita ndi anzake Loweruka m'mawa. Pa chitunda chilichonse gulu likuthamangitsana, iye akuponda 300. Potsetsereka aliyense wangoimitsa miyendo. Pobwera avereji ikuonetsa 158, ndipo iye akusangalala kuti anakhala mu zoni 2. Koma NP ndi 195, VI ndi 1.23, ndipo akatsegula tchati cha nthawi imene anakhala m'gawo lililonse apeza kuti mu zoni 2 anakhalamo pang'ono chabe. Nthawi yambiri anali pamwamba pake kapena sankapalasa n'komwe. Ulendowo siwoipa, ndipo kucheza ndi anzanu kuli ndi malo ake, koma auwerengere m'gulu la masiku olimba, asadzinamize kuti wamanga maziko.

Kwathu kuli zitunda zokhazokha. Kodi n'zotheka kukwera chitunda osadutsa denga?

N'zotheka, koma nkhani yake ndi ya magiya ndi kudzichepetsa. Tiwerengere limodzi. Wopalasa wathu ndi njinga yake, madzi ndi zina, akulemera makilogalamu 80. Pa chitunda chimene chimakwera mamita 6 pa mamita 100 aliwonse, mawati 175 amamuyendetsa pafupifupi makilomita 12 pa ola. Liwiro limenelo silingasinthe, chifukwa ndi kulemera kwake kumene kwalamula. Chimene angasinthe ndi kuzungulira kwa miyendo.

Ngati giya yake yopepukitsitsa ili ndi mano 39 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, monga zilili njinga zambiri zakale zampikisano, pa liwiro limenelo mapedulo azizungulira ka 60 kokha pa mphindi. Mawondo ayamba kudandaula, ndipo mosadziwa iye aimirira n'kuponda 260 kuti athane nacho msanga. Ndi mano 34 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, mapedulo azizungulira cha m'ma 76, ndipo akwera atakhala pansi akucheza. Chitunda chikafika pa mamita 10 pa 100, mawati 175 omwewo amangomupatsa makilomita 7 ndi theka pa ola, ndipo ngakhale 34 ndi 28 ija imamugwetsera pansi pa 50. Apo pafunika mano 32 kapena 34 kumbuyo, apo ayi asankhe msewu wina. Wokhala ku Blantyre kapena ku Zomba adzavutika ndi zimenezi kuposa wa ku Salima, ndipo ndalama imene angaiwononge pa magiya opepuka idzamupindulira kuposa mateyala apamwamba.

Pali kachizolowezi kamodzi koyenera kukaphunzira. Tsitsani giya chitunda chisanayambe kuluma, ndipo mukafika pamwamba musaleke kupalasa. Ambiri amaponda kwambiri kumunsi kwa chitunda n'kumapumira pamwamba. Inu chitani mosiyana: fatsani pokwera, ndipo pamwamba ndi potsetsereka pang'ono onjezani giya kuti mawati asagwe pansi pa 130. Potsetsereka kwambiri, pokhota ndi podutsa pamsika, iwalani za mita, maso akhale pamsewu. Kudutsa denga kwa masekondi 20 pothawa minibasi sikuwononga ulendo.

Adzakupitirirani anthu amene mukudziwa kuti mumawaposa. Asiyeni apite.

Ndingadziwe bwanji kuti maziko akukuladi, popeza sindikuyesa kuthamanga?

Apa ndi pamene mita ndi lamba wa pachifuwa woyeza mtima zimathandizana, ndipo kwa ine ndi phindu lalikulu la mita pa nyengo imeneyi. Mita ikunena ntchito imene mwagwira, mtima ukunena mtengo umene thupi lalipira. Maziko akamakula, ntchito yomweyo imatsika mtengo.

Mphunzitsi wa ku America Joe Friel ndiye anafalitsa njira yosavuta yowerengera zimenezi. Mumapalasa mosasinthasintha kwa maola awiri mutatenthetsa kale thupi, kenako mumagawa ulendowo pakati. Pa theka lililonse mumagawa mawati ndi avereji ya kugunda kwa mtima, n'kuona kuti theka lachiwiri latsika bwanji poyerekeza ndi loyamba. Pa mapulogalamu ena nambalayi imalembedwa kuti `Pw:Hr`. Friel amati ikakhala pansi pa 5 peresenti, ndiye kuti thupi likuupirira bwino ulendo wa kutalika kumeneko pa mawati amenewo.

Wopalasa wathu, sabata yoyamba, ola loyamba wagwira mawati 160 mtima ukugunda ka 132 pa mphindi. Ola lachiwiri wagwira 158 koma mtima wakwera kufika pa 141.

```
160 / 132 = 1.212
158 / 141 = 1.121
(1.212 - 1.121) / 1.212 = 7.5%
```

Mawati sanasinthe kwenikweni, koma mtima wawonjezera kugunda ka 9. Minofu imene inayamba ntchitoyo yatopa, thupi layitana ina yosazolowera kuti ithandize, latentha, lataya madzi, ndipo mtima ukubwezera pogunda mofulumira. Maola awiri pa mawati 160 akadali aatali kwa iye. Asawonjezere mawati, ndipo mwina atsike kufika pa 150 kwa masabata angapo.

Patatha masabata asanu ndi atatu akubwereza mayesowo pa msewu womwewo, nthawi yomweyo ya m'mawa. Ola loyamba 165 pa 131, lachiwiri 164 pa 135.

```
165 / 131 = 1.260
164 / 135 = 1.215
(1.260 - 1.215) / 1.260 = 3.6%
```

Zinthu ziwiri zasintha. Kutsika kwa theka lachiwiri kwafika pansi pa 5 peresenti, ndipo nambala ya ola loyamba yakwera kuchoka pa 1.21 kufika pa 1.26, kutanthauza kuti kugunda kulikonse kwa mtima kukubala mawati ambiri. Tsopano ali ndi ufulu wosankha: atalikitse ulendo kufika maola atatu pa mawati omwewo, kapena ayambe kulowetsamo masiku olimba. Ngati mpikisano umene akuukonzekera ndi wa maola anayi, ndingamulangize kutalikitsa, chifukwa kupirira maola awiri sikutsimikizira kuti apirira anayi.

Kodi nambala imeneyi siinganame?

Imanama ndithu, makamaka kukatentha. Thupi likatentha limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lizizizire, ndipo thukuta limachepetsa madzi a m'magazi. Mayeso omwewo amene mu Juni m'mawa anakupatsani 4 peresenti, masana a mu Okutobala angakupatseni 9, maziko anu asanasinthe. Kusamwa madzi, kusagona, khofi wambiri, chimfine chimene chikubwera, ndi kukwera kumalo okwera kwambiri kuposa kwanu, zonsezi zimakweza mtima. Choncho musaweruze ndi ulendo umodzi, ndipo yerekezerani maulendo ofanana okha.

Tsiku limene mita ndi mtima zikutsutsana, mverani mtima. Ngati pa mawati 160 mumakhala pa 132 koma lero muli pa 145 kuyambira pachiyambi, tsitsani mawati kapena bwererani kunyumba. Palinso chizindikiro chosiyana ndi chimenechi chimene chimapusitsa ambiri: mtima ukukana kukwera, uli pa 122 pamene umakhala pa 132, koma miyendo ndi yolemera ndipo mawati omwewo akuwawa. Kumeneko kawirikawiri ndi kutopa kowunjikana. Nambala ya mawati pa kugunda kwa mtima idzaoneka yokongola tsiku limenelo, koma chimene thupi likupempha ndi kupuma.

Mita nayonso imasokera. Opanga ambiri amati imalakwitsa ndi 1 kapena 2 peresenti yokha, koma zimenezo zimadalira kuti muziibwezera pa ziro. Njinga ikakhala panja mphindi zingapo kuti ifanane ndi kutentha kwa kunja, chotsani mapazi pa mapedulo n'kusankha `Calibrate` kapena `Zero Offset` pa kakompyuta. Mita yoyeza mwendo wakumanzere wokha imangochulukitsa kawiri zimene yapeza, ndiye ngati mwendo umenewo umagwira 48 peresenti ya ntchito, mawati 200 enieni adzaoneka ngati 192. Zimenezo sizivuta bola mugwiritse ntchito mita yomweyo nthawi zonse. Mukasintha mita, yezaninso FTP.

Pamafunika maola angati pa sabata, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji?

Aphunzitsi ambiri amapereka masabata 8 mpaka 12. Kwa munthu wa maola asanu ndi atatu pa sabata, ndingawagawe motere: maulendo atatu a ola limodzi ndi theka mkati mwa sabata, ndi umodzi wa maola atatu ndi theka kumapeto. Wautaliwo ndiye wofunika kwambiri, ndipo muziutalikitsa ndi mphindi 15 kapena 20 zokha pa sabata. Sabata yachinayi iliyonse chepetsani maola pafupifupi ndi theka.

Amene ali ndi maola anayi okha asatengere ndondomeko ya akatswiri opalasa maola oposa 20. Maola anayi ofatsa okhaokha adzamuthandiza woyamba kumene, koma munthu amene wapalasa zaka zingapo adzangoima pamodzi. Ameneyo aikemo tsiku limodzi lolimba, mwachitsanzo kuponda mphindi 15 kawiri pa 90 peresenti ya FTP, ndipo masiku enawo akhale ofatsadi.

Ndamva kuti kupalasa osadya kumaphunzitsa thupi kuwotcha mafuta. Ndizitero?

Pa ulendo wa ola limodzi, zilibe vuto. Pa ulendo wautali, mita yomweyo ikuonetsani chifukwa chake si nzeru. Mawati 160 kwa maola atatu ndi ntchito yochuluka chonchi:

```
160 W x 10800 s = 1728 kJ
```

Thupi la munthu limasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya chakudya kukhala ntchito ya pa pedulo, zotsalazo zimatuluka ngati kutentha. Zimangochitika kuti kilokalori imodzi ndi makilojuli oposa pang'ono 4, ndiye ziwirizi zimafafanizana, ndipo nambala ya `kJ` ya pa kakompyuta imayandikana ndi makilokalori amene mwawotcha, pano oposa 1,700. Ngakhale pa ulendo wofatsa, gawo lalikulu la mphamvu imeneyi, kwa ambiri theka kapena kuposerapo, limachokera ku shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo nkhokwe imeneyo ndi yaing'ono. Ikayamba kutha mudzaona mawati akutsika mu ola lachitatu, mutu ukuyamba kuzungulira, ndipo ulendo wa mawa lake udzakuvutani.

Ulendo ukapitirira ola limodzi ndi theka, idyani magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa shuga pa ola lililonse, kuyambira mu ola loyamba njala isanabwere. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25. Nthochi imodzi ndi botolo la madzi losungunuliramo masupuni aakulu awiri a shuga ndi kamchere pang'ono zimakwanira ola limodzi, ndipo mbatata yophika yodulidwa tizidutswa imalowa bwino m'thumba lakumbuyo la jezi.